Nyemba za Nabanda ndi Hadikava Yanga

Anandisankha kukhala mlembi wa banki m'khonde yathu pa zifukwa ziwiri: ndimalemba zooneka bwino, komanso ndinagwirapo ukalaliki pa esiteti ina ya fodya ku Kasungu. Chachiwirichi ndinkachitchula ndekha pafupipafupi, mpaka anthu anatopa nacho n'kundipatsa cholembera. Gulu lathu lili ndi anthu 20, amayi 17 ndi ife abambo atatu, ndipo timakumana Lachinayi masana pakhonde pa mayi wapampando, a Nambewe, m'mudzi wina kufupi ndi Mponela. Sheya imodzi ndi K2,000, ndipo pa sabata munthu amagula kuyambira imodzi kulekeza masheya asanu. Timabwereketsana pa chiwongoladzanja cha K10 pa K100 iliyonse pamwezi, kenaka mu Disembala timagawana zonse kuti aliyense akaone za feteleza ndi za Khirisimasi.

Alangizi amene anatiphunzitsa ananena kuti njirayi inayambira ku Niger mu 1991, pamene bungwe la CARE linkagwira ntchito ndi amayi akumudzi, ambiri mwa iwo osadziwa kulemba ndi kuwerenga. N'chifukwa chake zonse anazikonza kuti zizioneka ndi maso ndi kumveka ndi makutu. Munthu akaika ndalama m'mbale, owerenga ndalama awiri amaziwerenga n'kulengeza mokweza. Mlembi amadinda chidindo chimodzi pa sheya iliyonse m'kabuku ka mwiniwake, mwiniwakeyo ali chiimire pomwepo, ndipo mipata yotsala pa mzere wa sabatayo amaikhwatcha kuti wina asadzadindemo m'tsogolo. Pomaliza timabuku tonse pamodzi ndi kaundula zimalowa m'bokosi la maloko atatu, makiyi ake n'kupita kwa anthu atatu osiyana. Ine ndinamvetsera zonsezi ndikugwedeza mutu mwaulemu, koma mumtima ndinkati izi ndi za anthu amene sanagwirepo mabuku a mabelo a fodya.

Zinayamba ndi inki. Mu Juni inki ya chidindo inauma. Tinathiramo timadzi, chidindo chinatuluka chotuwa kawiri, kachitatu sichinaonekenso. Ndinauza gulu kuti lisadandaule, ndizilemba zonse m'hadikava, inki ikadzagulidwa ndidzadinda timabuku tonse nthawi imodzi. Inkiyo inadzagulidwa kumapeto kwa Julayi, koma pofika nthawiyo anthu anali ataikonda njira yangayo chifukwa msonkhano unkatha dzuwa likadalipo. Ndiye tinapitiriza: Lachinayi ndilembe m'hadikava, kumapeto kwa mwezi ndidinde timabuku ndikukopera m'hadikavamo, amayi ali pambali akukamba za mitengo ya sopo. Posakhalitsa hadikavayo inasiya kugona m'bokosi n'kuyamba kugona kwathu, popeza ndinkafuna kumalembanso mwaudongo zimene ndalemba mothamanga pakhonde. Palibe amene anakana. Ndani angatsutse kalaliki wa pa esiteti?

Tsiku logawana, Loweruka lina mu Disembala, linali losangalatsa. Ngongole zonse zinali zitabwezedwa, ndalama za thumba la zadzidzidzi tinaziika pambali monga mwa lamulo, ndipo zotsala zitaunjikidwa pamphasa zinakwana K5,656,000. Ndinawonkhetsa masheya a munthu aliyense ndipo onse pamodzi anakwana 2,020. Nditagawa pafoni, yankho linatuluka K2,800 ndendende, popanda tambala yotsala. Ndinaimika foni m'mwamba kuti onse aone, ngati kuti kusalala kwa nambalayo ndi umboni wa luso langa. Nthungululu zinamveka, aliyense analandira zake, tinadya mpunga ndi nkhuku, ndipo mayi wina ananena kuti gulu linachita mwayi kupeza mlembi wophunzira.

Panali chinthu chimodzi chimene kalaliki aliyense anayenera kuchidziwa koma ine sindinachiganize. Pogawana, phindu silidziwika pasadakhale. Mumangotenga ndalama zomwe zilipo n'kugawa ndi chiwerengero cha masheya, ndipo chiwerengero chilichonse chimene mungaikepo, choona kapena chabodza, foni idzakupatsani yankho, ndalama zonse zidzatha pamphasa, ndipo aliyense adzapita kwawo akumwetulira. Kutha bwino kwa ndalama sikutanthauza kuti zapita kwa eni ake.

Lamlungu m'mawa, ndisanavale n'komwe nsapato za kutchalitchi, ndinamva odi. Anali a Nabanda wamkulu, amene amagulitsa tomato kumsika, atatsagana ndi mdzukulu wawo wa Sitandade 7 amene ananyamula chitini.

“A mlembi, dzulo munati masheya anga ndi angati?”

“Ndi 182, mayi.”

“Nanga nyemba zangazi zikuti 200.”

Mayiwa sadziwa kulemba. Chiyambire Febuluwale, akabwera kumsonkhano ankaponya nyemba imodzi m'chitini pa sheya iliyonse imene agula. Usiku wa Lowerukawo mdzukulu anaziika m'milu ya khumikhumi, ndipo milu inakwana 20. Ine ndinaseka pang'ono, kuseka kumene mpaka lero ndikakukumbukira ndimatuluka thukuta. Ndinawatsegulira hadikava, ndinawakumbutsanso kuti dzulo lomwelo tinawerenga zidindo m'kabuku kawo pamaso pa onse ndipo zinali 182. Mabuku awiri akugwirizana, ndinatero, ndiye nyemba zingatsutse bwanji?

Akazi anga, amenenso ali m'gulumo, anali akusesa pakhomo. Sanasiye kusesa. Anangoti, “Bambo a Chikondi, kodi timabukuto simunkatidinda mukuonera m'hadikava yomweyo?”

Apa ndiye mimba inayamba kutentha. Mboni ziwiri zimene ndinkadalirazo zinali mboni imodzi, ndipo mboniyo ndinali ine.

A Nambewe anaitanitsa msonkhano Lachiwiri. Anthu anabwera onse kupatula mlamu wanga, mchimwene wa akazi anga, amene anali atabwerera kale ku Lilongwe kumene amagwira maganyu a zomangamanga. Poyamba nyembazo sizinalandiridwe bwino, ndipo kunena zoona otsutsawo anali ndi mfundo. Bambo wina anati nyemba zilibe siginecha, munthu akhoza kuwonjezeramo dzanja limodzi usiku, kapena mwana akhoza kutapamo zosewerera bawo. Gulu likalola kuti aliyense azibwera ndi chitini chake pambuyo pogawana, banki yatha. Panafunika umboni wina wosadutsa m'manja mwanga, wosachokeranso kwa wodandaula.

Unapezeka kwa a Nankhoma, m'modzi wa owerenga ndalama. Iwowa ali ndi kagolosale, ndipo mwa chizolowezi chawo ankalemba kuseri kwa kalendala ya kutchalitchi ndalama za masheya zimene awerenga Lachinayi lililonse. Palibe anawatuma, ndipo sanauzepo munthu. Ndiye tinayamba ntchito imene ndinayenera kumaigwira sabata iliyonse: kuwonkhetsa masheya a anthu onse pa tsikulo kuchokera pamwamba kutsika pansi, kuchulukitsa ndi K2,000, n'kufananiza ndi ndalama zimene zinalowadi m'mbale. Ine chaka chonse sindinkawonkhetsa. Owerenga ndalama akalengeza, ndinkangolemba nambala yawoyo pansi pa tsamba ngati kuti yachokera m'masamu anga.

Febuluwale anagwirizana. Malichi, Epulo, Meyi, onse bwinobwino. Juni ndi Julayi, miyezi imene ndinkaiopa, nayonso inagwirizana, ndipo ndinayamba kukhala tsonga pampando. Titafika mu Seputembala, a Nankhoma anaima. Buku linkaposa mbale ndi K10,000. Sabata yotsatira chimodzimodzi, ndipo zinatero masabata anayi otsatizana. M'buku munali masheya 20, a K40,000, amene ndalama zake sizinafikepo pakhondepo.

Tinapita kokumba mbewa, tinafukula njoka. Ndinadziwa pomwepo kuti masheyawo ndi a yani. Mu Seputembala mlamu wanga anandiimbira foni ali ku Lilongwe: “Alamu, tangondilemberani asanu, ndalama ndikutumizirani pafoni madzulo ano.” Malamulo athu amalola munthu amene sanabwere kutumiza ndalama kudzera mwa mnzake, koma amanena za ndalama, osati lonjezo. Ndinalemba ndi pensulo kunyumba, n'cholinga choti ndalama zikapanda kubwera ndifufute. Madzulo anati netiweki yavuta. Sabata yotsatira anati abwana sanawalipire koma ndilembebe, adzatumiza zonse pamodzi. Tsiku lina lamlungu, nditakhuta, ndinaona kuti pensulo ikuipitsa tsamba, ndipo ndinadutsitsa bolopeni pa manambala onse. Kumapeto kwa mwezi ndinadinda kabuku kake mokhulupirika monga mmene hadikava inanenera. Ndinafotokoza zonsezi nditayang'ana pansi. Akazi anga anayang'ana kumwamba.

Koma zimenezi sizinayankhe funso la a Nabanda, popeza miyezi ina yonse inagwirizana ndi kalendala. A Nambewe ndi amene anaona kuti kalendala singagwire cholakwa chamtundu uliwonse. Ngati masheya a munthu wina alembedwa pa dzina la mnzake, chiwonkhetso cha tsikulo sichisintha. Choncho analamula kuti timabuku tonse tiyalidwe pamphasa, tiyang'ane kagulidwe ka munthu aliyense. Sipanatenge nthawi. Tili ndi a Nabanda awiri. Wamng'ono, amene amakazinga mandasi, chaka chonse ankagula sheya imodzi kapena masheya awiri, koma m'kabuku kake munali masabata asanu ndi limodzi a mu Juni ndi Julayi odzaza zidindo zisanu zisanu, kenaka n'kubwereranso pa ziwiri. M'kabuku ka wamkulu, amene pafupifupi sabata iliyonse ankadzaza mzere, masabata omwewo munali ziwiri ziwiri.

Tsamba lililonse la hadikava yanga linkatenga masabata asanu ndi limodzi. Pa tsamba limenelo, pofuna kusunga malo, ndinalemba “Nabanda W.” pa mzere wina ndi “Nabanda W.” pa mzere wotsatira, ndikudziuza kuti winayo ndi wamkulu, winayo wamng'ono. Pamene ndinkalemba ndinkadziwa bwino lomwe kuti wapamwamba ndi uti. Pamene ndinkadinda, patapita mwezi ndi theka, ndinali ndikudziwabe, kungoti ndinkadziwa zosiyana. Masheya 30 a wamkulu anapita kwa wamng'ono, 12 a wamng'ono anapita kwa wamkulu. Kusiyana kwake 18, chimodzimodzi ndi nyemba zija. Nabanda wamng'ono sanalimbelimbe. Anati, “Ine asanu sindinagulepo chiyambire. Ndimangoti chaka chino banki yabereka kwambiri.” Atatero anayamba kulira, popeza ndalamazo zinali zitasanduka kale feteleza, ndipo fetelezayo anali m'munda.

Kupeza cholakwa kunatenga masana amodzi. Kugwirizana za kakonzedwe kake kunatenga misonkhano ina, ndipo mpamene ndinaona kuti aliyense ali ndi masamu akeake a chilungamo, amene mwangozi amakomera iye mwini.

Choyamba chinali kubwereza kugawa kuja ndi nambala yoona. Masheya enieni anali 2,000, osati 2,020, ndiye K5,656,000 ikagawidwa bwino sheya imodzi inayenera kukhala K2,828. Sheya iliyonse yoona inaperewera K28, ndipo ma K28 onsewo akaphatikizidwa ndi K56,000 imene mlamu wanga ananyamula pa masheya 20 a mphepo aja. A Nabanda wamkulu analandira K509,600 pa masheya 182, pamene anayenera kulandira K565,600 pa masheya 200. Nditachotsera ndinadzidzimuka: nawonso anaperewera K56,000 yeniyeni.

Apa ukalaliki unadzukanso mwa ine. Ndinaimirira n'kunena kuti Mulungu watipeputsira nkhani: mlamu abweze K56,000, tipereke kwa a Nabanda, nkhani yatha, aliyense azipita kumunda. Ena anawomba m'manja, ndipo Nabanda wamng'ono anapukuta misozi. A Nankhoma anadikira kuti phokoso lithe.

“A mlembi, ndalama ya alamu anuyo inachoka m'thumba mwa yani?”

“Mwa gulu lonse, mayi.”

“Nanga ya a Nabanda ili kwa yani?”

Ndinakhala pansi. Manambala awiriwo anangofanana mwangozi, koma ngongole zake zinali ziwiri zosiyana. Pa K56,000 imene a Nabanda wamkulu anaperewera, K50,400 inali kwa mnzawo wa dzina limodzi, amene analandira K2,800 pa sheya iliyonse mwa 18 zija, ndipo K5,600 yokha ndiyo inali kwa mlamu wanga. Njira yanga ikanatanthauza kuti ena tonse tasonkha ma K28 athu mosadziwa kuti Nabanda wamng'ono asabweze kanthu. Mwina gulu likanafuna kumuchitira chifundo chotero, koma chifundo chimenecho anthu amayenera kuchisankha akudziwa, osati kuchipeza chitabisidwa m'masamu a mlembi amene akufuna kuthawa msanga.

Mlamu wanga tinamupeza pafoni, a Nambewe ataikweza mawu kuti onse amve. Iye sanakane kanthu, ndipo anabwera ndi maganizo amene anamveka aulemu kwambiri. Anati popeza masheya 20 ndi K40,000, apereka K40,000 imeneyo tsopano, masheyawo akhale ake monga buku likunenera. Agogo Nangozo, amene pamisonkhano sayankhula kawirikawiri, anafunsa kuti kodi munthu angabwere ndi mbewu tsiku lokolola n'kufuna gawo la nkhokwe? K800 imene inabadwa pa sheya iliyonse inachokera ku ndalama zimene zinazungulira m'ngongole miyezi yonseyo, ndipo ya mlamu sinazungulirepo ngakhale tsiku limodzi. Akanapereka K40,000, akanatsala ndi K16,000 ya thukuta la anzake. Gulu linati abweze K56,000 yonse, masheya 20 akhwatchidwe, ndipo pa masheya ake 60 enieni adzalandira ma K28 ake ngati wina aliyense. Anavomera mwachangu, mwachangu kwambiri, ndipo kuyambira usiku womwewo foni yake inasiya kupezeka.

Kenaka panabuka nkhani ya kagawidwe ka K56,000. Bambo uja wa siginecha ya nyemba anati tisavutike ndi ma K28, tigawane mofanana, anthu 20 aliyense K2,800. Maganizowa anakondweretsa ambiri, ndipo ndinaona kuti amene anawakonda kwambiri ndi amene anali ndi masheya ochepa. Koma ndalamayo sinachotsedwe mofanana pamutu uliwonse, inachotsedwa pa sheya iliyonse. Agogo Nangozo, a masheya 45, anaperewera K1,260 basi, pamene a Nabanda wamkulu anaperewera K5,600. Kugawa pamutu kukanawalanganso mayi yemwe uja amene ndinali nditawalakwira kale. Agogowo, amene akanapindula kuposa ambiri, ndi amene anatseka nkhaniyo ponena kuti iwo safuna kudya za mwana wa mnzawo.

Nkhani yovuta kwenikweni inali ya Nabanda wamng'ono, ndipo mpaka pano sindinganene kuti amene ankamuikira kumbuyo ankalakwa kotheratu. Iye sanabe, sananame, sanapemphe. Anapatsidwa ndalama pamaso pa gulu lonse, nthungululu zikumveka, ndipo anaigwiritsa ntchito monga munthu aliyense akanachitira. Amayi ena anati wolakwa ndi mlembi, alipire yekha zonse. Ndinamva mawondo akuzizira. A Nambewe anayankha kuti kulakwa n'kwa mlembi ndithu, koma ndalama ili m'chimanga cha Nabanda, ndipo chimangacho adzakolola ndi iye. Mlembi akalipira, ndiye kuti wina wapata K50,400 imene sanaisunge, ndipo chaka chamawa aliyense adzayamba kupempherera kuti mlembi alakwitse molozera kwa iye. Mwamuna wa Nabanda, amene anabwera kudzamvera nawo ali chapatali pansi pa mtengo, anakuwa kuti ngati n'kubweza abweze K36,000, mtengo wa masheya 18. Anamufunsa kuti mkazi wake anapita kunyumba ndi zingati pa sheya iliyonse, ndipo anabwerera pansi pa mtengo wake.

Chomwe gulu linagwirizana n'chakuti abweze zimene analandira mopitirira, osawonjezerapo chiwongoladzanja, popeza sanapemphe ngongole. Pa K50,400 anachotsapo K1,960, ma K28 a masheya ake 70 enieni, kutsala K48,440. Ndipo popeza Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi imene ngakhale mandasi sayenda malonda, anamulola kuyamba mu Epulo, K12,110 pamwezi kwa miyezi inayi.

Vuto linali lakuti a Nabanda wamkulu sakanadikira Epulo. Feteleza wobereketsa amafunika chimanga chikafika m'mawondo, osati chitauma. Ena anatchula thumba la zadzidzidzi, koma a Nambewe anakana, anati limenelo ndi la maliro ndi matenda, ndipo mlembi wosokonekera si matenda amene malamulo athu amawadziwa. Kenaka anatembenukira kwa ine n'kunena kuti maganizo anga aja sanali oipa onse, kungoti ndinawaimika chadodolido. K56,000 ya mlamu ipitedi kwa a Nabanda wamkulu tsopano lino, iwo atuluke m'nkhaniyi atakwanira. Ndalama za Nabanda wamng'ono zikamabwera zizipita kwa anthu 18 otsalawo, amene masheya awo onse ndi 1,730, ndipo pa K28 iliyonse zikukwana K48,440 yomweyo. Palibe amene wataya kanthu, changosintha ndi amene akudikira. Bambo uja wa siginecha anadandaula kuti kudikira nakonso n'kutaya, akukumbutsa za Novembala 2023 pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti anthu n'kudzuka ndalama zawo zitafupika. Ananena zoona. Koma kunali kwabwino kuti anthu 18 adikire timasauzande tiwiri kapena tinayi aliyense kusiyana n'kuti mayi mmodzi adikire K56,000 munda wake ukuchita chikasu.

Aliyense anakhutira, ndipo inenso ndinayamba kupuma bwino, mpaka wina anafunsa kuti nanga K56,000 ya tsopano linoyo ichokera kuti, mwini wake foni yake ili chizimire. Maso onse anabwera kwa ine pang'onopang'ono. Amene analemba lonjezo ngati ndalama ndi amene anamuimira mboni, anatero a Nambewe, ndipo za pachilamu tikakambirane kwathu. Ndinayang'ana akazi anga kuti mwina anenapo kanthu za mchimwene wawo. Anali otanganidwa kwambiri ndi kumanga chitenje.

Zanga zogawana zinali zitatha kale, ndiye Lachisanu lake mbuzi yanga yaikazi inakwera njinga kupita kumsika. Wogula anandiyang'ana nkhope, anaona kuti ndine munthu wofunika ndalama lero lomwe, ndipo anatchula mtengo wogwirizana ndi nkhopeyo. Ndinawonjezerapo ndalama imene ndinasungira nsapato za ana, n'kukapereka kwa a Nabanda wamkulu pamaso pa gulu. Anaiwerenga kawiri, kenaka anapatsa mdzukulu kuti awerengenso.

Ndinapempha chinthu chimodzi chokha, kuti andilole kung'amba masamba olakwikawo ndilembenso mwaudongo. Anakana onse pamodzi ngati kwaya. Nambala yolakwika inadutsitsidwa mzere umodzi kuti izionekabe, yoona inalembedwa pambali pake, ndipo wapampando ndi eni masheya anasainira kapena kudinda chala pamenepo, ndi inki yomwe ija imene inachedwa kugulidwa. Mgwirizano wa kabwezedwe nawo unalembedwa, koma analemba ndi a Nankhoma. Malamulo athu anali ndi chindapusa cha kuchedwa ndi cha kulongolola msonkhano uli mkati, koma munalibe cha mlembi wotenga buku kupita nalo kwawo, ndiye anachipanga pomwepo: K2,800 imene ndikanalandira pa masheya anga 100 ipite ku thumba la zadzidzidzi, ndipo timabuku ta chaka chatsopano ndi inki ndigule ndine.

Nabanda wamng'ono anabweza ndithu, mwezi wina mochedwerako. M'malo mogawa K12,110 iliyonse m'tizidutswa 18, gulu linkalipira anthu angapo mokwanira mwezi uliwonse, kuyambira a masheya ochepa. Panali vuto la chenji, popeza ma K28 amabala manambala ngati K1,260 ndi K3,108, ndiye anagwirizana kutsitsa iliyonse kufika pa K50 yapafupi, zotsalazo n'kuponya m'thumba la zadzidzidzi. Pa chisankho cha Febuluwale ulembi unapita kwa mtsikana wina wa Fomu 4 amene amalemba ngati nkhuku yapalasa, koma sachoka pamphasa chiwonkhetso chake chisanafanane ndi cha m'mbale, ndipo pa dzina lililonse amalembapo nambala ya mwini wake. Ine anandipatsa udindo woyala mphasa ndi kubwera ndi mpando wa wapampando.

Pa K56,000 ija, ndalama yokha imene ndaionapo ndi K1,680 ya ma K28 a mlamu, imene gulu linandipatsa ine, itatsitsidwa kufika pa K1,650. Mwini wakeyo anatulukira pa maliro ena mu Ogasiti, atavala jekete yatsopano. Anandikokera kuseri kwa nkhokwe, nandiuza kuti nkhani ija sanaiiwale, akungodikira abwana. Kenaka anafunsa ngati m'gulu mukadali malo.

“Alamu, ine si mlembinso,” ndinatero.

“Ndamva. Koma kamtsikanako mumayankhula nako, eti? Tangokauzani kandilembe, ndalama ndikutumizirani madzulo.”